Mvula Yofanana, Nyengo Zosiyana: Kawerengedwe ka Galafu ya Nyengo

Mzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe umalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 600 pa chaka. Mzinda wa London ku Mangalande nawonso umalandira pafupifupi mamilimita 600 omwewo. Cape Town, kumapeto kwenikweni kwa Africa, imachepekedwa pang'ono chifukwa yake imangopitirira pang'ono mamilimita 500. Munthu wongomva manambalawa atha kuganiza kuti mizinda itatuyi ili ndi nyengo imodzi.

Koma amene anafikako akudziwa kuti si choncho. Ku Bulawayo udzu umauma gwa kwa theka la chaka, madamu amaphwa, ndipo madzi a m'mipope amabwera mwakagawo zaka zambiri. Ku London kapinga amakhala wobiriwira pafupifupi chaka chonse, ndipo ambulera sakhala patali ndi khomo. Ku Cape Town alimi amalima tirigu ndi mphesa, ndipo mvula yawo imagwa mu Juni ndi Julayi, nthawi imene ku Lilongwe anthu ali kalikiliki kupuntha chimanga pabwalo louma.

Kusiyana konseku sikuoneka pa nambala ya mvula ya chaka chonse. Kumaonekera pa kachithunzi kena kamene kamapezeka m'mabuku a jogalafe a kusekondale ndi m'mabuku a mapu, kotchedwa galafu ya nyengo. Wodziwa kukawerenga amatha kupatsidwa galafu yopanda dzina la malo, n'kunena ngati malowo ali kumpoto kapena kumwera kwa ikweta, ngati ali pafupi ndi nyanja yaikulu kapena pakati pa mtunda, ngati ali pamwamba pa mapiri, ngakhalenso mtundu wa zomera zimene zingapezekeko.

Zimene zili pa galafuyo

Kapangidwe kake n'kosavuta. M'munsi mwandandalikidwa miyezi 12 ya chaka. Pamwamba pa mwezi uliwonse paima kamzati, ndipo kutalika kwake kukuimira mvula ya mweziwo m'mamilimita. Kenako pali mzere umodzi wodutsa miyezi yonse, wokwera ndi kutsika, umene ukusonyeza katenthedwe m'madigiri. Manambala a mvula amalembedwa mbali imodzi ya galafu, a katenthedwe mbali inayo.

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kachigawo ka nthaka kotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Choncho mzati wa mamilimita 200 ukunena kuti pa kachigawo kameneko pagwa madzi odzaza diramu ya malita 200 m'mwezi umodzi.

Manambalawa si a chaka chimodzi. Pamalo oyezera nyengo ngati a ku Chitedze, Chileka kapena Bvumbwe, m'mawa uliwonse munthu amathira madzi a m'chitini choyezera mvula mu galasi lokhala ndi timizere n'kulemba. Katenthedwe amakayeza m'kabokosi koyera kokhala ndi timipata tolowetsa mphepo, koimikidwa pamwamba pa nthaka mopitirira mita imodzi, kuti chipangizo chiyeze mpweya osati dzuwa lochiwomba. Amatenga kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa m'bandakucha n'kupeza avereji ya tsikulo, kenako ya mwezi. Zimenezi zikachitika kwa zaka 30, ndiye pamapezeka manambala oyenera kujambulidwa. Bungwe la dziko lonse loona zanyengo ndilo linakhazikitsa muyeso wa zaka 30, ndipo zaka zimene zikugwiritsidwa ntchito pano ndi za 1991 mpaka 2020. Mzati wa Januwale, tsono, ndi avereji ya ma Januwale 30, amvula ndi ang'amba omwe.

Kuyamba ndi mzere

Tiyerekeze kuti galafu ili patebulo ndipo dzina la malo laphimbidwa. Maso amathamangira ku mizati, poti ndiyo yaikulu, koma wozolowera amayamba ndi mzere wa katenthedwe.

Pa galafu yathuyi mzere ukuyambira pa madigiri 21 mu Januwale. Ukukhala pomwepo mpaka Malichi, kenako ukutsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa madigiri 16 mu Juni ndi Julayi. Kuchoka apo ukukwera mofulumira, ndipo mu Okutobala ndi Novembala wafika pafupifupi madigiri 23. Mu Disembala watsikanso pang'ono.

Choyamba kuona ndi malo amene mzere wagwera. Wagwera pakati pa chaka, kutanthauza kuti malowa ali kumwera kwa ikweta, kumene Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira. Galafu ya London kapena ya Cairo imachita zosiyana: mzere wake umatukumuka pakati, mu Julayi, n'kugwa m'mbali zonse ziwiri. Mfundoyi ndi yaing'ono, koma woiphonya amalakwitsa zonse zotsatira, chifukwa sadziwa kuti mvula ikugwa m'miyezi yotentha kapena yozizira.

Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa mwezi wotentha kwambiri ndi wozizira kwambiri. Pano ndi 23 kuchotsa 16, kutsala madigiri 7. Mpata umenewu umanena za mtunda wa malowo kuchokera pa ikweta komanso kuchokera kunyanja yamchere. Ku Singapore, pafupi kwambiri ndi ikweta, mzere umayenda mowongoka pa madigiri 27 kapena 28, ndipo mpata sufika ngakhale madigiri 3. Ku London mpata ndi pafupifupi madigiri 14, kuchokera pa 5 mu Januwale kufika pa 19 mu Julayi. Ku Moscow, pakati pa mtunda waukulu wa Russia, mpata umapitirira madigiri 25, ngakhale kuti mzindawo suli kumpoto kwambiri kuposa London. Madzi a m'nyanja amachedwa kutentha ndipo amachedwanso kuzizira, motero mpweya wochokera kunyanja umafewetsa nyengo ya malo oyandikana nayo. Nthaka youma ilibe chifundo chotero. Mpata wa madigiri 7 ukuloza malo a m'chigawo chotentha, koma otalikirako ndi ikweta.

Pali chachitatu, chimene ambiri sachiona. Mwezi wotentha kwambiri pa galafuyi si Disembala kapena Januwale, pakati penipeni pa miyezi ya dzuwa lamphamvu. Ndi Okutobala ndi Novembala. Mzere wafika pamwamba msanga, kenako watsika. Chautsitsa ndi mvula. Mitambo ikabwera imatchinga dzuwa, ndipo mphamvu ya dzuwa imene ikanatenthetsa nthaka imathera kuumitsa madzi. Kutentha kofika pachimake mvula itangotsala pang'ono kuyamba ndi chizindikiro chodalirika cha madera otentha okhala ndi dzinja ndi chilimwe. Mzinda wa Kano ku Nigeria, kumpoto kwa ikweta, uli ndi chizindikiro chomwechi, kungoti kumeneko kumatentha kwambiri mu Epulo, mvula n'kufika pachimake mu Ogasiti.

Kenako mizati

Tsopano mvula. Pa galafu yathu Januwale ali ndi mamilimita pafupifupi 220, Febuluwale 190, Malichi 130, Epulo 45. Meyi ali ndi kamzati kongooneka, ka mamilimita 10 ndi pang'ono. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala pali mbee. Okutobala ali ndi 10, imene ndi mvula ya chizimalupsa ija. Novembala wadumphira pa 60, Disembala pa 200. Zonse pamodzi ndi mamilimita pafupifupi 870.

Chofunika apa n'kuyerekeza mizati ndi mzere. Mizati yatalika kumene mzere wakwera, ndipo yasowa kumene mzere wagwa. Mvula ikugwa m'miyezi yotentha. Wina akaphatikiza ya Okutobala mpaka Malichi apeza kuti ndi yopitirira magawo 90 pa 100 alionse a mvula ya chaka chonse. Dzinja ndi limodzi, chilimwe chimodzi.

Wowerenga wa ku Malawi wazindikira kale kuti pepala likavundukulidwa, dzina lake ndi Lilongwe. Mvula yake imatsata lamba wa mitambo amene amapangika pamene mphepo zochokera kumpoto ndi kumwera kwa ikweta zikumana. Lambayo amatsatira dzuwa: amatsikira kumwera chakumapeto kwa chaka, kukhala pa Malawi, Zambia ndi Mozambique mpaka Malichi, kenako n'kubwerera kumpoto. Malo amene ali pafupi ndi ikweta lambayu amawadutsa kawiri, popita ndi pobwerera, n'chifukwa chake galafu ya Nairobi ili ndi milu iwiri ya mizati, waukulu wa Malichi mpaka Meyi ndi waung'ono wa Okutobala mpaka Disembala. Milu iwiri yotere ikaoneka pansi pa mzere wowongoka, ikweta ili pafupi.

Galafu ya Cape Town, ikaikidwa pambali pa ya Lilongwe, imadabwitsa. Mzere wake nawo wagwa pakati pa chaka, kuchokera pa madigiri pafupifupi 21 mu Januwale kufika pa 12 mu Julayi, choncho ndi kumwera kwa ikweta. Koma mizati yatalika pakati pomwepo, pafupifupi mamilimita 90 mu Juni, pomwe Januwale ndi Febuluwale sakufika ngakhale 20. Mzere ukatsika mizati ikukwera. Mtundu wa nyengo umene umadziwika ndi zimenezi ndi wotchedwa ndi dzina la nyanja ya Mediteraniyani, ndipo ndi wosavuta kuuzindikira kuposa ina yonse. Mvula yake sichokera ku lamba wa ku ikweta koma ku mphepo zozizira za kumadzulo, zimene zimasendera kumpoto m'miyezi yozizira n'kukhudza nsonga ya Africa. Kunja kwa maiko ozungulira nyanja ija, nyengoyi imapezeka m'malo ochepa: ku California, pakati pa dziko la Chile, kumwera ndi kumwera chakumadzulo kwa Australia, ndi ku Cape komweku.

Zilembo za Köppen

Kuti malo apatsidwe mtundu wake wa nyengo, pamafunika malire ogwirizana. Odziwika kwambiri ndi amene anakonza Wladimir Köppen, katswiri wa zanyengo amene anabadwira ku Russia mu 1846 n'kugwira ntchito ku Germany. Anayamba kulemba za magawo a nyengo mu 1884, ndipo anakhala akukonza ndondomekoyi mpaka m'chaka cha 1936, m'zaka zomaliza akuthandizana ndi Rudolf Geiger. Köppen ankakonda zomera, ndipo malire ake anawaika poyang'ana pamene mtundu wina wa nkhalango ukuthera, wina n'kuyamba.

Magulu ake akuluakulu ndi asanu. Gulu A ndi la madera otentha, kumene palibe mwezi umene avereji yake imatsika kupyola madigiri 18. Gulu B ndi la madera ouma. Gulu C ndi la madera ofunda, kumene mwezi wozizira kwambiri uli pansi pa madigiri 18 koma madzi saundana kwa mwezi wathunthu. Gulu D ndi la nyengo yozizira koopsa ngati ya ku Moscow, kumene mzere umalowa pansi pa ziro. Gulu E ndi la kumalekezero a dziko ndi pansonga za mapiri ataliatali, kumene ngakhale mwezi wofunda sufika madigiri 10 ndipo mitengo simera.

Chilembo chachiwiri chimanena za nthawi youma. Kakang'ono ka w ndi ka malo ouma m'miyezi yozizira, ka s ndi ka malo ouma m'miyezi yotentha, ka f ndi ka malo opanda chilimwe. Chachitatu, m'magulu C ndi D, chimafunsa ngati mwezi wotentha kwambiri wafika madigiri 22: ukafika ndi a, ukapanda kufika ndi b.

Lilongwe tsopano atha kuikidwa pamalo pake. Mwezi wake wozizira uli pa madigiri 16, pansi pa 18, choncho ndi C. Miyezi yake yozizira ndi youma, choncho w. Mwezi wotentha wafika 23, choncho a. Lilongwe ndi Cwa. London ndi Cfb. Cape Town ndi Csb. Singapore, kumene palibe mwezi wa mvula yochepera mamilimita 60, ndi Af.

Ena zimawadabwitsa kuti Lilongwe ali m'gulu limodzi ndi London, pomwe buku la kusukulu limati dziko la Malawi lili m'chigawo chotentha chokhala ndi udzu wautali ndi mitengo yapatalipatali. Palibe amene akunama apa. Lilongwe ali pamtunda wokwera mamita opitirira 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Kukwerako ndi kumene kwamutsitsa pansi pa malire. Munthu akatsetsereka makilomita pafupifupi 100 kupita ku Salima, pa mamita 500, Julayi amakhala pamwamba pa madigiri 18 ndipo zilembo zimasanduka Aw. Akakwera ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, ngakhale Novembala safika madigiri 22, ndipo zilembo ndi Cwb. Mizati ya malo atatuwa ndi yofanana maonekedwe, mzerenso wapindika mofanana. Chasintha ndi msinkhu wa mzere basi. Kunena zoona, madigiri awiri amene amalekanitsa Lilongwe ndi gulu A ndi ochepa, ndipo wowerenga wanzeru amakhulupirira maonekedwe a galafu yonse kuposa chilembo choyamba.

Kukwera kwa malo kumadziulula mwanjira yomweyi kwina kulikonse. Quito, likulu la Ecuador, ali pafupi kwambiri ndi ikweta, ndipo mzere wake ndi wowongoka ngati wa Singapore. Koma wawongokera pa madigiri 14, osati 27, chifukwa mzindawo uli pa mamita pafupifupi 2,850. Mzere wowongoka koma wotsika ndi phiri la pafupi ndi ikweta.

Masamu a kuuma

Gulu B ndilo lovuta, ndipo ndi limene limayankha nkhani ya mizinda itatu ija. Asanaike malo m'gulu lina lililonse, wowerenga amayenera kuyamba waona ngati sali ouma.

Köppen anadziwa kuti mvula siyezedwa payokha. Madzi ogwa panthaka yotentha amauluka msanga, ena asanafike n'komwe ku mizu. Ogwa kozizira amakhalitsa. Choncho malire a kuuma amasintha malinga ndi katenthedwe ka malo komanso nthawi imene mvula imagwa. Kawerengedwe kake ndi aka. Avereji ya katenthedwe ka chaka chonse imachulukitsidwa ndi 20. Ngati mvula yambiri, magawo 70 pa 100 kapena kupitirira, imagwa m'theka lotentha la chaka, pamaonjezeredwa 280. Ngati imagwa mofalikira chaka chonse, pamaonjezeredwa 140. Ngati yambiri imagwa m'theka lozizira, saonjezerapo kanthu. Nambala yotulukayo ndiyo mamilimita amene malowo ayenera kulandira kuti asatchedwe ouma.

Bulawayo ali ndi avereji ya madigiri pafupifupi 19, ndipo mvula yake ndi ya m'miyezi yotentha. Kuchulukitsa 19 ndi 20 kukupereka 380, kuonjezerapo 280 ndi 660. Mvula yake ya pafupifupi 600 yaperewera. Bulawayo ali m'gulu B, mtundu wa BS, wa madera ouma pang'ono okhala ndi udzu ndi mitengo yaminga, oyenera ziweto ndi mapira kuposa chimanga.

London ali ndi avereji ya madigiri pafupifupi 11, mvula yofalikira miyezi yonse. Apa ndi 220 kuonjezera 140, zonse 360. Mamilimita ake 600 apitirira kutali.

Cape Town ali ndi avereji ya madigiri pafupifupi 17, ndipo mvula yoposa magawo 70 pa 100 imagwa kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Malire ake ndi 340 okha, choncho mamilimita 500 ndi okwanira. Mvula yomweyo ikanati izigwa mu Disembala ndi Januwale, malire akanakhala 620 ndipo Cape Town akanagwera m'gulu la Bulawayo.

Lilongwe naye amayenera kuyesedwa. Avereji yake ndi madigiri 20, choncho 400 kuonjezera 280 ndi 680. Mvula ya 870 yadutsa. Koma onani mmene malirewa amakwerera kutentha kukakula. Ku chigwa cha Shire, cha ku Ngabu ndi Nsanje, avereji ya chaka imafika madigiri 25 kapena 26, ndipo malire amakwera kufika pafupifupi 800. Mvula imene ingakwane ku Lilongwe, kumeneko imakhala ya m'malire, n'chifukwa chake thonje, mapira ndi mawere zakhala mbewu za kuchigwako kuyambira kale.

Malo amene mvula yake sifika ngakhale theka la malire ndiwo chipululu chenicheni, BW. Cairo, ndi mamilimita ake osapitirira 30 pa chaka, safunanso masamu.

Pali njira ina yachidule yoonera kuuma mwezi ndi mwezi, imene anaitchukitsa akatswiri awiri a zomera a ku Germany, Heinrich Walter ndi Helmut Lieth. Mwezi umatengedwa kuti ndi wouma ngati mamilimita ake sakufika kuwirikiza kawiri madigiri ake. Epulo wa ku Lilongwe ali ndi madigiri 20, motero akufunika mamilimita 40, ndipo 45 yake yangodutsa pang'ono. Meyi walephera, mpaka Okutobala. Novembala, wa madigiri 23, akufunika 46 ndipo ali ndi 60. Miyezi youma ya Lilongwe ndi 6. London, mwa kawerengedwe komweka, alibe mwezi wouma ngakhale umodzi. Magalafu ojambulidwa m'njira ya akatswiri awiriwa amaika madigiri 10 pamsinkhu umodzi ndi mamilimita 20, kotero kuti paliponse pamene mvula yatsika pansi pa mzere wa katenthedwe, diso limaona chilimwe popanda kuwerengera.

Pamene anthu amaphonyera

Msampha wofala kwambiri ndi manambala a m'mbali. Wojambula amafuna kuti mizati idzaze pepala, choncho galafu ya Cairo itha kuthera pa mamilimita 10 pomwe ya Singapore ikuthera pa 350. Zikaikidwa pamodzi, chipululu ndi nkhalango yamvula zimaoneka zolingana. N'chimodzimodzi ndi mzere: kusiyana kwa madigiri 2 kutha kuoneka ngati phiri ngati manambala ayambira pa 25 n'kuthera pa 29. Asanayang'ane maonekedwe, munthu ayambe wawerenga m'mbali.

Miyeso nayo imasiyana. Magalafu a ku America amalemba mvula m'mainchesi, ndipo inchesi imodzi ndi mamilimita 25 ndi pang'ono. Katenthedwe amakalemba m'madigiri a Fahrenheit, m'mene malire a 18 aja amakhala 64. Komanso si galafu iliyonse imene imayambira Januwale. Ena ojambula za kumwera kwa ikweta amayambira Julayi kuti dzinja likhale pakati losadulidwa, ndipo wosayang'ana zilembo za miyezi amasamutsira Lilongwe kumpoto.

Nanga galafu ikakhala ndi mizere iwiri? Wapamwamba ndi wa kutentha kwa masana, wapansi ndi wa kuzizira kwa usiku. Malire a Köppen amagwira ntchito pa avereji, imene ili pakati pa iwiriyo. Wotenga mzere wapamwamba wa Lilongwe apeza Julayi ali pa madigiri opitirira 20 n'kulemba A molakwika.

Zimene galafu imabisa

Avereji imasalaza zinthu. Madigiri 16 a Julayi ku Lilongwe si kutentha kumene munthu amakumva tsiku lonse. M'bandakucha kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, ana opita kusukulu manja ali m'khwapa, mpweya ukutuluka ngati utsi pakamwa, koma pofika masana juzi yavulidwa ndi kumangidwa m'chiuno. Kusiyana kwa usiku ndi usana m'tsiku limodzi la Julayi n'kokulirapo kuposa madigiri 7 amene amalekanitsa Julayi ndi Novembala. Galafu ya mzere umodzi sinena zimenezi.

Mizati nayo sinena kagwedwe ka mvula. Mamilimita 50 a mwezi ku London ndi mvula yowaza yogwa masiku ambiri. Ku Bulawayo atha kugwa madzulo amodzi, ndi ziphaliwali, ambiri n'kuthamangira kumtsinje. Mzati wa Febuluwale wa mamilimita 190 suonetsa ng'amba ya masabata atatu imene imagwera chimanga chikamasula ngayaye. Mvula ya chiperoni, imene imanyowetsa tiyi ku Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yozizira, imaoneka ngati timizati tating'ono, chonsecho ndi imene imathandiza kuti minda ya kumeneko ikhale yobiriwira pamene kwina kwauma.

Chachikulu n'chakuti galafu sinena za chaka chimene chikubwera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anathira m'maboma akumwera kwa Malawi, m'masiku ochepa, mvula yoposa ya mwezi wonse. Chaka chotsatira, mu Febuluwale 2024, El Nino anabweretsa ng'amba yoopsa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, m'mwezi umene pa galafu uli ndi mzati wautali. Cape Town, yemwe masamu a Köppen amati si wouma, anatsala pang'ono kutseka mipope kumayambiriro kwa 2018 mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana. Zaka zonsezi zikalowa mu avereji ya zaka 30, zimangosuntha mizati pang'ono. Madera amene ali pafupi ndi malire a gulu B ndiwo amene mvula yawo imasinthasintha kwambiri chaka ndi chaka, ndipo kumeneko avereji ndi yosadalirika kwa mlimi.

Pomaliza, galafu ndi ya malo amodzi oyezera, osati boma lonse kapena dziko lonse. Ya Nkhata Bay ili ndi mvula pafupifupi kuwirikiza kawiri ya Lilongwe, ndipo mizati yake yaitali ili mu Malichi ndi Epulo, pamene pakati pa dziko mvula ikutha. Ndiponso malire enieniwo amasuntha. Avereji ikamawerengedwanso pakatha zaka 10 zilizonse, malo amene anali m'mphepete amatha kusintha chilembo, ndipo dziko likamatentha, malire a kuuma amakwera ndi mamilimita 20 pa digiri iliyonse yoonjezereka ngakhale mvula itapanda kuchepa. Choncho musanakhulupirire galafu iliyonse, funani kaye pamene palembedwa dzina la malo oyezera, kukwera kwake, ndi zaka zimene manambalawo anatengedwa.